Kufufuza sitetimenti ya khadi la ngongole: ndalama yodulidwa kawiri, chiwongoladzanja ndi ndalama yochepetsetsa

Pa sitetimenti ya khadi la ngongole, zolakwika kawirikawiri zimabwera zolumikizana. Mukadulidwa kawiri pa chinthu chimodzi, ndalama yachiwiriyo imayamba kubala chiwongoladzanja kuyambira tsiku lomwe yalowa, ndipo ngongole ikakula chonchi nayonso ndalama yochepetsetsa imene banki ikufuna mwezi umenewo imakwera. N'chifukwa chake ntchitoyi ili ndi dongosolo lake: mumayamba ndi mizere ya zimene munagula, kenaka chiwongoladzanja, ndipo ndalama yochepetsetsa imabwera pomalizira. Mukayambira kumapeto mungapeze kuti masamu a banki ali bwinobwino, chifukwa kompyuta siiphonya kuchulukitsa. Imangochulukitsa molondola manambala olakwika.

Titsatira sitetimenti imodzi ya bambo wina amene ali ndi golosale pa Kamuzu Road ku Salima. Manambala ake, kuphatikizapo mlingo wa chiwongoladzanja ndi zolipiritsa, ndi ongopangira chitsanzo. Anu muwapeza pa sitetimenti yanu, m'pangano limene munasaina potenga khadi, ndiponso pa mndandanda wa mitengo ya banki yanu.

Sonkhanitsani mapepala kaye

Mufunika sitetimenti ya mwezi uno ndi ya mwezi watha, timasilipi totuluka m'makina olipirira ndi khadi a POS ndi m'makina a ATM, mauthenga a pafoni amene banki imatumiza khadi likagwira ntchito, risiti ya ndalama zimene munalipira ku khadi, pangano la khadi, cholembera ndi kakuleta. Timasilipi ta POS timafufutika msanga ndi kutentha kwa kunyanja kuno, makamaka tikasungidwa m'galimoto kapena m'thumba la malaya, choncho muzikajambula pafoni tsiku lomwelo. Kasilipi kosawerengeka sikangakuthandizeni pa kauntala ya banki.

Masitetimenti amalembedwa m'Chingerezi, ndipo mawu ake amasiyana pang'ono banki ndi banki. OPENING BALANCE ndi ngongole imene mwezi wayamba nayo, CLOSING BALANCE ndi imene mwezi watseka nayo. CREDIT LIMIT ndi malire a ngongole amene munapatsidwa. MINIMUM PAYMENT DUE ndiyo ndalama yochepetsetsa, ndipo PAYMENT DUE DATE ndi tsiku lomaliza kulipira. Mzere uliwonse umakhala ndi madeti awiri: TRANSACTION DATE, tsiku limene munagula, ndi POSTING DATE, tsiku limene banki inalemba ndalamayo pa akaunti. Madeti awiriwa tibwererako, chifukwa pakati pawo m'pamene ndalama zimabisala.

Choyamba, onani ngati sitetimenti ikugwirizana yokha

Ngongole yoyambira ya mwezi uno iyenera kufanana ndendende ndi ngongole yotsekera ya mwezi watha. Zikasiyana ngakhale ndi tambala, imani pomwepo mukafunse. Kenaka wonkhetsani: ngongole yoyambira, kuphatikizapo zogula zonse, ndalama zotapa, zolipiritsa ndi chiwongoladzanja, kuchotsapo zimene munalipira ndi zimene munabwezeredwa. Sitetimenti ya bambo wathu ikuyambira pa 6 Juni kufika pa 5 Julayi, masiku 30, ndipo mwachidule ili motere:

```
OPENING BALANCE            400,000.00
10 JUN  FUEL                90,000.00
10 JUN  FUEL                90,000.00
18 JUN  PAYMENT           -150,000.00
21 JUN  LODGE              120,000.00
27 JUN  ATM CASH            50,000.00
27 JUN  CASH FEE             2,500.00
05 JUL  INTEREST            16,252.50
CLOSING BALANCE            618,752.50
CREDIT LIMIT               600,000.00
MINIMUM PAYMENT DUE         49,690.13
```

Mukawonkhetsa mupeza K618,752.50 ndithu. Masamuwa akugwirizana, ndipo nthawi zambiri amagwirizana. Gawoli ndi la mphindi ziwiri, musalikhalire.

Chachiwiri, mzere uliwonse ukhale ndi umboni wake

Tengani mzere umodziumodzi, muufananize ndi kasilipi kapena uthenga wa pafoni, mukachonge. Musadabwe ngati dzina la pa sitetimenti silili la pa chikwangwani cha sitolo. Nthawi zambiri pamalembedwa dzina la kampani imene inalembetsa makinawo, ndipo pamalo pa Salima pakhoza kulembedwa Lilongwe kapena Blantyre ngati kumeneko ndi kumene kuli likulu lawo. Chimene chiyenera kugwirizana ndi ndalama ndi tsiku.

Pa sitetimenti yathu, mizere iwiri ya K90,000 pa 10 Juni ikuonekera yokha. Komabe mizere iwiri yofanana si nthawi zonse imakhala cholakwika, ndipo ndi bwino kudziwa mtundu wake musanapite kukakangana ndi munthu.

Mtundu woyamba ndi ndalama yongogwiridwa. Khadi likalowa m'makina, banki imayamba yapatula ndalamayo n'kuyigwira, kuyembekezera kuti wamalonda atseke mabuku a makina ake ndi kuyitanitsa ndalamayo. Pa apu ya banki ndalama yogwiridwa imaoneka ndi mawu oti PENDING kapena ena ofanana nawo, ndipo nthawi zina imaonekera limodzi ndi yeniyeniyo, ngati mwadulidwa kawiri. Malo ogona alendo, monga maloji a ku Senga Bay, akhoza kugwira ndalama pamene mukulowa n'kudzadula ina pamene mukutuluka. Yogwiridwa imachepetsa ndalama imene mungagwiritse ntchito, koma siibala chiwongoladzanja, ndipo imamasuka yokha pakapita masiku angapo, nthawi zina milungu ingapo ngati ndi ya malo ogona. Mungaizindikire chonchi: ilibe POSTING DATE, ndipo pa sitetimenti ya mwezi siikhalapo. Ikapezeka pa sitetimenti yeniyeni, ndiye kuti yadulidwa.

Mtundu wachiwiri ndi umene umachitika kwambiri kuno, ndipo gwero lake ndi netiweki. Makina a POS amatumiza pempho ku banki, banki imavomera, koma yankho lisanabwerere netiweki imaduka kapena magetsi amathima. Makina amatulutsa kasilipi konena kuti zakanika, kapena satulutsa kalikonse. Wothira mafuta amati, "Bwana, sizinatheke, tiyesenso." Mumalowetsanso khadi, ulendo uno zimatheka. Mwadongosolo makina amayenera kutumiza uthenga wofafaniza pempho loyambalo netiweki ikabwerera, koma uthengawo ukalephera, ndalama ziwiri zonse zimadulidwa. Chizindikiro chake n'chakuti pafoni pamabwera mauthenga awiri otalikirana mphindi imodzi kapena ziwiri, ndipo nambala yovomereza, imene pa kasilipi imalembedwa AUTH CODE kapena APPROVAL CODE, imakhala yosiyana pa mizere iwiriyo. Umu ndi mmene zinamuchitikira bambo wathu: ali ndi kasilipi kokana ka 07:41 ndi kovomera ka 07:43. Kasilipi kokana kameneka ndiko umboni waukulu, ngakhale ambiri amakasiya pa pampu.

Pali mtundu wina wofanana ndi umenewu: makina akakana, mumalipira ndi ndalama ya m'manja kapena kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, kenaka mumapeza kuti khadi nalonso linadulidwa. Pa sitetimenti pamaoneka mzere umodzi wokha, motero diso siligwira msanga. Amaugwira ndi munthu amene akuchonga mzere uliwonse ndi umboni wake. Pa dandaulo lotere umboni ndi risiti ya sitolo kapena uthenga wa ndalama za pafoni.

Mtundu wachitatu ndi pamene munalowetsa khadi kamodzi kokha, koma wamalonda kapena banki yake yatumiza malonda omwewo kawiri potseka mabuku. Apa mumakhala ndi kasilipi kamodzi, uthenga wa pafoni umodzi, koma mizere iwiri, nthawi zina ya POSTING DATE yosiyana ndi tsiku limodzi kapena awiri. Nambala yovomereza imakhala imodzimodzi. Ngati sitetimenti siionetsa nambalayi, funsani ku banki akuwerengereni ya mzere uliwonse. Chenjerani ndi mapasa amene agawikana miyezi: wina kumapeto kwa sitetimenti yatha, mnzake kumayambiriro kwa ya mwezi uno. Ichi ndicho chifukwa chokhalira ndi masitetimenti awiri patebulo.

Ndiye palinso mizere iwiri yoona. Munthu woyenda pakati pa Salima ndi Dwangwa akhoza kuthira mafuta a ndalama yofanana popita ndi pobwera. Ngati akunyumba ali ndi khadi lachiwiri pa akaunti yomweyo, afunseni kaye musanakadandaule.

Pomaliza gawoli yang'anani mzere wa ndalama imene munalipira, chifukwa anthu amangoona kuti yalowa osayang'ana tsiku. Bambo wathu analipira K150,000 pa kauntala Lolemba m'mawa pa 14 Juni, ndipo risiti ili ndi chidindo cha tsikulo. Sitetimenti yalemba 18 Juni. Kuchedwa kwina kumakhala kololedwa ndi pangano: ndalama yochokera ku banki ina, yotumizidwa usiku, Loweruka masana kapena pa tsiku la tchuthi ikhoza kulembedwa tsiku lantchito lotsatira. Koma ndalama yoperekedwa pa kauntala ya banki yomweyo Lolemba m'mawa n'kulembedwa Lachisanu, imeneyo ndi yofunsa.

Chachitatu, chiwongoladzanja

Musanagwire kakuleta, dzifunseni ngati chiwongoladzanja chimayenera kukhalapo n'komwe. Makhadi ambiri ali ndi lamulo ili: mukalipira CLOSING BALANCE yonse tsiku lomaliza lisanadutse, zogula za pa sitetimentiyo sizibala chiwongoladzanja. Mukasiya ngakhale K1,000, mwayiwo umatha, ndipo pa makhadi ambiri zogula zatsopano zimayamba kubala kuyambira tsiku limene zalowa. Ndalama yotapa pa ATM ilibe mwayi umenewu chiyambire. Imabala kuyambira tsiku lotapa, ili ndi cholipiritsa chakechake, ndipo pa makhadi ena mlingo wake ndi wokwera kuposa wa zogula. Choncho ngati munalipira zonse panthawi yake, simunatape ndalama, miyezi yapitayo munalibenso ngongole yotsala, koma chiwongoladzanja chalembedwa, muli ndi nkhani yomveka ngakhale musanawerengere kalikonse.

Bambo wathu anali ndi ngongole yotsala ya K400,000, ndiye chiwongoladzanja chiyenera kukhalapo. Funso ndi lakuti n'chochuluka bwanji. Mabanki amachiwerengera tsiku ndi tsiku: mlingo wa pachaka amaugawa ndi 365, n'kuchulukitsa ndi ngongole ya tsiku lililonse.

```
chiwongoladzanja = ngongole x masiku x mlingo wa pachaka / 365
```

M'chitsanzochi tatenga mlingo wa 36.5 peresenti pachaka, chifukwa ukagawidwa ndi 365 umapereka 0.1 peresenti patsiku, kutanthauza K1 patsiku pa K1,000 iliyonse. Mlingo wanu udzatulutsa nambala yosasalala chonchi, koma njira ndi yomweyi. Ngati pangano lalemba mlingo wa pamwezi, uchulukitseni ndi 12 kaye.

Simufunika kuwerengera masiku onse 30 limodzilimodzi. Ngongole imangosintha tsiku limene chinachake chalowa kapena chatuluka, choncho dulani mwezi m'zigawo. Gwiritsani ntchito mizere yoona yokha: mafuta kamodzi, ndalama yolipira pa 14 Juni.

Kuyambira pa 6 mpaka pa 9 Juni, masiku 4, ngongole inali K400,000, yobala K400 patsiku, zonse K1,600. Pa 10 Juni mafuta anaikweza kufika K490,000, ndipo inakhala pamenepo masiku 4, zomwe zikupereka K1,960. Pa 14 Juni analipira, ngongole inatsika kufika K340,000 kwa masiku 7, K2,380. Pa 21 Juni loji inaifikitsa pa K460,000 kwa masiku 6, K2,760. Pa 27 Juni ndalama yotapa ndi cholipiritsa chake zinaifikitsa pa K512,500, ndipo inakhala choncho masiku 9 mpaka pa 5 Julayi, K4,612.50. Musanawonkhetse ndalama, wonkhetsani masiku: 4, 4, 7, 6 ndi 9 akukwana 30. Akapanda kukwana masiku a sitetimenti ndiye kuti mwawerenga tsiku lina kawiri kapena mwalidumpha, ndipo apa ndi pamene ambiri amaphonya. Ndalama zonse pamodzi ndi K13,312.50.

Banki yalemba K16,252.50. Kusiyana kwake ndi K2,940. Musathamangire ku banki ndi nambala imeneyi yokha. Yesani kuifotokoza, chifukwa dandaulo lonena kumene ndalama yachokera limayenda msanga kuposa longoti chiwongoladzanja chachuluka. K90,000 yachiwiri ija yakhala pa akaunti kuyambira pa 10 Juni mpaka pa 5 Julayi, masiku 26, pa K90 patsiku, zomwe ndi K2,340. K150,000 yochedwa kulembedwa masiku 4, pa K150 patsiku, ndi K600. Kuphatikiza ziwirizi mupeza K2,940 ndendende. Ndiye kuti mlingo umene banki yagwiritsa ntchito ndi woona, ndipo palibe cholakwika china chobisala.

Nanga kusiyana kukapanda kufotokozeka chonchi? Ngati ndi kwa makwacha ochepa, kawirikawiri ndi nkhani ya kawerengedwe. Banki ina imayambira pa TRANSACTION DATE, ina pa POSTING DATE. Ina imaphatikiza zolipiritsa mu ngongole yobala chiwongoladzanja, ina ayi. Bwerezani masamu ndi njira inayo muone ngati zikumana. Kukakhala kwakukulu, fufuzani mlingo umene wagwiradi ntchito: gawani chiwongoladzanja cha pa sitetimenti ndi chimene mwapeza inu, muchulukitse ndi mlingo wa m'pangano. Nambala yotulukayo muifananize ndi mlingo wa ndalama zotapa. Ikafanana nawo, mwina zogula zanu zawerengedwa ngati ndalama yotapa. Dziwani kuti makhadi ambiri amatenga kusamutsa ndalama kuchoka pa khadi kupita ku akaunti kapena ku foni ngati kutapa, ndipo pamenepo banki siinalakwe. Onaninso ngati mlingo unasintha pakati pa mwezi. Ngongole zambiri m'mabanki a ku Malawi zimatsatira mlingo wofanizira umene umalengezedwa mwezi ndi mwezi, ndipo ngati pangano la khadi lanu lamangidwa pa mlingo umenewo, masiku a m'mbuyo mwa kusinthako ayenera kuwerengedwa ndi mlingo wakale, otsalawo ndi watsopano. Mlingo watsopano ukagwiritsidwa ntchito pa mwezi wonse, chimenecho ndi cholakwika.

Pali chiwongoladzanja china chimene chimakwiyitsa anthu koma chili choona. Tinene kuti bambo wathu wapeza ndalama n'kulipira ngongole yonse ya sitetimentiyi pa 20 Julayi. Mwezi wotsatira adzapezabe chiwongoladzanja. Chifukwa chake n'chakuti sitetimenti inatsekedwa pa 5 Julayi, koma ngongole inapitiriza kubala kuyambira pa 6 mpaka tsiku lolipira. Amene akufuna kutsekeratu ngongole afunse ku banki ndalama yothetsera ngongole pa tsiku lomwelo, osangolipira yolembedwa papepala.

Zogula za m'madola nazonso zimasokoneza. Ndalama yake m'makwacha imawerengedwa ndi mtengo wa tsiku limene malondawo akonzedwa, osati limene munagula, ndipo banki ikhoza kuwonjezerapo cholipiritsa chosinthira ndalama. Zikabwezedwa, zimabwera ndi mtengo wa tsiku lobwezera. Masiku wamba kusiyanako n'kochepa, koma kwacha ikagwa mwadzidzidzi, ngati mu Novembala 2023 pamene inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndalama ya pa uthenga wa pafoni ndi ya pa sitetimenti zikhoza kutalikirana kwambiri popanda wolakwa.

Chachinayi, ndalama yochepetsetsa

Kawerengedwe kake kali m'pangano, ndipo sikafanana m'mabanki onse. Kawirikawiri ndi gawo lina la ngongole yotsekera, kuwonjezerapo ndalama iliyonse yopyola malire, kuwonjezeraponso yochepetsetsa ya mwezi watha ngati siinalipidwe. Mapangano ena amaikanso ndalama yapansi imene yochepetsetsa singatsike kuipitirira. M'chitsanzo chathu pangano likuti 5 peresenti ya ngongole yotsekera, kuwonjezerapo yopyola malire.

Yesani kaye ndi manambala a banki. 5 peresenti ya K618,752.50 ndi K30,937.63. Ngongole yapyola malire a K600,000 ndi K18,752.50. Pamodzi ndi K49,690.13, monga zalembedwera. Apanso kompyuta yachita bwino masamu ake. Tsopano yesani ndi manambala oona. Ngongole yoona ndi K512,500 kuphatikizapo chiwongoladzanja cha K13,312.50, zomwe ndi K525,812.50. Imeneyi siinapyole malire, choncho yochepetsetsa ndi 5 peresenti yokha, K26,290.63. Banki ikufuna pafupifupi kawiri kwa ndalama yoyenera, ndipo gawo lalikulu la kusiyanako likuchokera ku kupyola malire kumene sikunachitike. Ngati khadi lanu lili ndi chindapusa cha kupyola malire, chifufuzeni pa sitetimenti iyi ndi yotsatira, chifukwa nachonso chiyenera kufafanizidwa.

Cholakwika china pa gawoli chimachokera ku ndalama yolembedwa mochedwa. Tsiku lomaliza likanakhala pakati pa 14 ndi 18 Juni, bambo wathu akanaoneka ngati sanalipire panthawi yake. Pakanabwera chindapusa cha kuchedwa, ndipo pa masitetimenti ena yochepetsetsa ya mwezi watha imabwereranso pa mzere wa PAST DUE kapena ARREARS. Mukaona mzere umenewu pamene munalipira, tulutsani risiti. Izi si zazing'ono, chifukwa mabanki amatumiza mbiri ya kalipiridwe ka ngongole ku mabungwe osunga mbiri ya ongongola, ndipo chilemba cha kuchedwa chikhoza kudzakutsekerezani pokapempha ngongole ina kwina. Pa dandaulo lanu pemphani kuti akonzenso kumeneko.

Amene anasaina kuti banki izidzitengera yokha yochepetsetsa ku akaunti yawo ayang'ane ziwiri: ngati yatengedwa ndi yofanana ndi ya pa sitetimenti, ndiponso ngati yatengedwa tsiku lomaliza lisanadutse. Mu akaunti mukakhala mopereŵera, kutengako kumakanika mwakachetechete, ndipo mumadziwira pa chindapusa.

Tsono funso limene aliyense amafunsa: ndilipire iti, ya banki kapena yanga? Ngati mungathe, lipirani yolembedwa pa sitetimenti, K49,690.13, tsiku lomaliza lisanafike, ngakhale mukudziwa kuti ndi yolakwika. Simutaya kanthu, chifukwa ndalamayo ikuchepetsa ngongole yanu yoona. Mukalipira K26,290.63 yokha nkhani isanakonzedwe, kompyuta idzakuonani ngati mwapereŵeza, n'kuika chindapusa, ndipo mudzakhala ndi madandaulo awiri m'malo mwa limodzi. Ngati ndalama simungaikwanitse, pemphani banki ikulembereni kuti ndalama yotsutsidwayo yaimitsidwa ndipo yochepetsetsa yasinthidwa. Mawu apakamwa a pa kauntala sakwanira. Musadalirenso kuti K90,000 ikabwezedwa idzatengedwa ngati mwalipira, popeza makhadi ambiri sawerengera ndalama yobwezedwa ngati malipiro a mweziwo.

Kukadandaula

Pa ndalama yodulidwa kawiri, yambani kwa wamalonda ngati ali pafupi. Funsani bwana wa pamalopo, osati amene anakuthirani mafuta, chifukwa lipoti la makina la tsikulo limakhala kwa iye. Muonetseni timasilipi tiwiri ndi sitetimenti, mumupemphe ayang'ane lipoti la pa 10 Juni. Likaonetsa ndalama ziwiri, akhoza kubweza kudzera pa makina omwewo n'kukupatsani kasilipi kolembedwa REFUND, kapena kulemba kalata yovomereza kuti analandira kawiri. Ndalama ibwerere pa khadi. Mukalandira ya m'manja n'kusiya mzerewo, ngongoleyo ipitiriza kubala, ndiye ngati mwalandiradi, kaiikeni pa khadi tsiku lomwelo, ndipo musakatsutsenso mzerewo ku banki. Nthawi zina lipoti la wamalonda limaonetsa ndalama imodzi yokha. Sikuti akunama: yachiwiriyo ikhoza kukhala itakodwa pakati pa mabanki awiri, ndipo pamenepo ndi banki yanu yokha ingaitsate.

Ku banki, pitani ku nthambi kapena lembani kudzera njira imene anaika ya madandaulo, mudzaze fomu yotsutsira ndalama ya pa khadi. Musachedwe. Malamulo a Visa amapatsa banki masiku okwana 120 pa madandaulo ambiri a mtundu uwu, koma pangano lanu likhoza kukupatsani inu masiku ochepa kwambiri kuposa amenewo kuchokera tsiku la sitetimenti, ndiye tsatirani a m'pangano. Perekani mafotokope, mapepala enieni akhale kwa inu. Tulukani ndi nambala ya dandaulo komanso kope ya fomu yodindidwa.

Pa fomu kapena m'kalata, lembani zopempha zonse payokhapayokha. Za bambo wathu zikhala zinayi: kuchotsa K90,000 ya pa 10 Juni, kukonza tsiku la malipiro a K150,000 kuchoka pa 18 kupita pa 14 Juni, kubweza chiwongoladzanja cha K2,940 pamodzi ndi china chimene K90,000 ibale kufikira tsiku loichotsa, ndi kukonza yochepetsetsa limodzi ndi chindapusa chilichonse chobwera chifukwa cha kupyola malire. Chachitatucho ndi chimene chimaiwalika. Kawirikawiri ndalama yobwezedwa imalembedwa pa tsiku lobwezera, osati pa 10 Juni, ndipo chiwongoladzanja cha masiku apakatiwo chimatsala pa inu ngati simunachitchule. Nkhani ikatenga masiku 40 kuchokera pa 5 Julayi, ndiye K3,600 ina pamwamba pa K2,340 ija.

Banki ikapanda kuyankha m'nthawi imene inalonjeza, kapena yankho lake likakhala losamveka, nkhaniyo mungaipititse ku Reserve Bank of Malawi, ku ofesi ya Registrar of Financial Institutions, imene imalandira madandaulo a makasitomala a mabanki. Kumeneko adzafuna umboni woti munayamba mwadandaula ku banki yanu, ndipo apa ndi pamene nambala ya dandaulo ndi fomu yodindidwa zimagwira ntchito.

Pamene mukudikira, wina akhoza kukuimbirani foni n'kunena kuti ndi wa ku banki ndipo akufuna kukubwezerani ndalama. Kubweza ndalama sikufuna PIN, sikufuna manambala atatu a kumbuyo kwa khadi, sikufunanso nambala yachinsinsi yobwera pa uthenga wa pafoni. Dulani foniyo, muimbe nokha pa nambala yolembedwa kumbuyo kwa khadi.

Sitetimenti yotsatira ikabwera, ifufuzeni mofanana, kuyambira pa OPENING BALANCE ya K618,752.50. Payenera kuoneka mzere wobweza K90,000, ndi mzere wina wapadera wobweza chiwongoladzanja, umene kawirikawiri umalembedwa INTEREST REVERSAL kapena ADJUSTMENT. Nthawi zina banki imabweza ndalamayo mongoyembekezera pamene ikufufuza, ndipo wamalonda akatsutsa ndi umboni wake, mzerewo ukhoza kubwereranso mwezi wotsatira. Sungani timasilipi ndi makalata mpaka banki italemba kuti nkhani yatsekedwa, ndipo masitetimenti awiri otsatizana atabwera opanda K90,000 ija.